Chiphaso cha pamsika ndi msonkho wa MRA: ndani kwenikweni ali kunja kwa kaundula ku Mchinji?

Chaka chilichonse nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, pamamveka mawu akuti boma likufuna anthu ambiri alowe m'kaundula wa okhoma msonkho. Mawuwa akatuluka, maso a anthu amapita kwa ochita malonda m'misika. Chifukwa chake chilipo ndithu: kafukufuku wa za ntchito yemwe boma linachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi, 89 ali pa ntchito kapena pa geni yosalembetsedwa. Koma mukafunsa mayi wogulitsa tomato pa Kamwendo, pa Mkanda kapena pa Boma ngati amakhoma msonkho, adzakuyang'anani modabwa n'kutulutsa kapepala ka chiphaso kamene wadula m'mawa womwewo. Iye ndi nduna onse akunena zoona, kungoti akunena misonkho iwiri yosiyana, yopita m'matumba awiri osiyana.

Chiphaso cha pamsika chimapita ku khonsolo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama m'misika, m'madepoti ndi pa malaisensi a bizinesi, ndipo ndalamazo zimayenera kusesa msika, kumanga zimbudzi, kukoka madzi ndi kulipira alonda. MRA, yomwe inayamba ntchito mu 2000, imatolera za boma lalikulu: msonkho wa pa phindu, wa pa malipiro, VAT, ndi wa katundu wolowa pa chipata monga cha Mchinji. Akamati wina ali kunja kwa msonkho amatanthauza kuti alibe TPIN, nambala imene MRA imapatsa wokhoma msonkho akalembetsa, kapena ali nayo koma sapereka lipoti la malonda ake ku MRA. Pa tanthauzo limeneli ndi zoona kuti pafupifupi msika wonse uli kunja. Funso lofunika n'lakuti, akadalowa onse mawa, boma likadapezapo zingati, ndipo kwa yani?

Tiyambe ndi mayi wa tomato uja, ndipo manambala ndikuika pano ndi ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti amagulitsa masiku 26 pa mwezi, amene ndi masiku 312 pa chaka, ndipo patsiku amagulitsa za K12,000. Pa chaka malonda ake onse akwana K3,744,000. Akachotsa mtengo wopikulira ku dimba, wa kabaza wonyamula dengu, ndi tomato wophwanyika kapena wowola, amatsala ndi K2,500 patsiku. Ngati chiphaso ndi K300, ndiye kuti pa K100 iliyonse ya phindu lake, K12 yapita ku khonsolo. Pa chaka wapereka K93,600. Chiphasocho sichifunsa ngati lero kwagwa mvula tsiku lonse, kapena ngati wagulitsa mulu umodzi wokha; bola wayala thumba pansi, adula basi.

Phindu la mayiyu pa mwezi ndi K65,000. Munthu wolembedwa ntchito amene amalandira K65,000 sadulidwa msonkho wa pa malipiro ngakhale tambala, chifukwa kuyambira 2020 ndalama yoyamba yosadulidwa msonkho inali K100,000 pa mwezi, ndipo mu 2024 inakwezedwa kufika K150,000. Choncho mayi amene akunenedwa kuti sakhoma msonkho akupereka gawo lalikulu la zopeza zake kuposa mlonda kapena mesenjala wopeza chimodzimodzi. Onjezanipo VAT imene amalipira akagula mayunitsi ndi zina zambiri za m'golosale, yomwe kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti, komanso misonkho ya pa mafuta a galimoto yobisika mu mtengo wa minibasi. Ine ndikamamva munthu wa mu ofesi akunena kuti mavenda amadya za ulere, zimandipweteka, chifukwa masamu sakugwirizana naye.

Ndipo lamulo lenilenilo silimufuna mayiyu. Mu 2021 boma linachotsa msonkho wakale wa 2 peresenti pa malonda onse a mabizinesi ang'ono n'kubweretsa msonkho wongoyerekeza, umene pa mapepala a MRA umalembedwa kuti Presumptive Tax. Ganizo lake ndi lakuti wa bizinesi yaing'ono sangakwanitse kulemba mabuku a ndalama ngati kampani, choncho angonena kuti pa chaka amagulitsa za ndalama zingati, aikidwe m'gulu, alipire ndalama imodzi yodziwika kale. Mmene unakhazikitsidwira, wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni pa chaka salipira kanthu. Kuchoka pa K4 miliyoni kufika K7 miliyoni ndi K110,000 pa chaka. Kuchoka pa K7 miliyoni kufika K10 miliyoni ndi K170,000. Kuchoka pamenepo kufika K12.5 miliyoni ndi K225,000. Wopitirira apa amalowa mu msonkho wamba wa pa phindu, wofuna mabuku. Mayi wa K3,744,000 ali m'gulu loyamba. MRA itatumiza galimoto, mafuta ndi anthu awiri kudzamulembetsa, itaya ndalama osatolapo kanthu. Misika yathu yadzaza ndi anthu otere: a masamba, a mandasi, a usipa wa m'mbale, a kachewere wa m'ndowa.

Nkhani imayamba kuvuta tikakwera pang'ono, kufika kwa mwini hokala kapena kagolosale. Pamenepa ndi pamene pali anthu amene lamulo likuwafuna koma iwo sakubwera, ndipo chifukwa chachikulu chili m'kapangidwe ka msonkhowo. Msonkho wongoyerekeza umayang'ana ndalama zolowa m'kabati, suyang'ana zotsala m'thumba. Tengani bambo wa hokala pa Waliranji wogulitsa shuga, mafuta ophikira, mchere, sopo ndi zakumwa. Patsiku agulitsa za K25,000, pa chaka K7,800,000. Katundu wotere phindu lake ndi lochepa, chifukwa mtengo wa paketi ya shuga aliyense amaudziwa ndipo hokala ya pafupi ikugulitsanso yomweyo. Tinene kuti pa K100 iliyonse amapindula K10. Phindu la chaka ndi K780,000, lendi asanalipire. Msonkho wake ndi K170,000, kutanthauza pafupifupi K22 pa K100 iliyonse ya phindu.

Pafupi naye pali telala amene nayenso ndalama zolowa pa chaka ndi K7,800,000. Iye akugulitsa luso la manja ake. Nsalu amabweretsa ndi makasitomala. Akachotsa ulusi, mazipi, magetsi ndi wothandizira, theka limatsala, K3,900,000. Msonkho wake ndi K170,000 yomweyo, yosakwana K5 pa K100. Anthu awiri, gulu limodzi, ndalama yolipira imodzi, koma wa hokala wasenza katundu wolemera kasanu. Wa hokala sanaphunzire za misonkho, koma masamu awa amawadziwa bwino kuposa aliyense, poti ndi iye amawerenga ndalama usiku akatseka.

Palinso vuto la pa malire a magulu. Wogulitsa za K3,900,000 salipira kanthu. Akalimbikira n'kufika K4,100,000, malonda akwera ndi K200,000, phindu lakwera ndi K20,000 yokha, koma msonkho wabwera wa K110,000. Wakula koma wasauka. Munthu wanzeru zake akafunsidwa amangonena kuti malonda sakuyenda, ndipo palibe buku lomutsutsa. Ena amagawa bizinesi: hokala iyi ndi ya mayi, benchi ilo ndi la mwana, katundu wina ali kunyumba. Ukayenda mu msika n'kuona mashelefu a theka koma mwini wake chilichonse ukafunsa akuti dikirani pang'ono, mwana athamange, udziwe kuti sitolo yeniyeni ili kuseri.

Kugwa kwa kwacha kumawonjezera moto. K4 miliyoni pa chaka ndi pafupifupi K12,800 patsiku pa masiku 312 aja. Mu 2021 ndalama imeneyi inali malonda ooneka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo n'kukwera kawiri kapena kupitirira. Munthu wogulitsa mapaketi a shuga omwewo, mabotolo a mafuta omwewo, amapezeka kuti wadumpha gulu limodzi kapena awiri pomwe nsima ya pakhomo pake sinakule. Malire olembedwa m'makwacha akapanda kukwezedwa limodzi ndi mitengo, msonkho umene unapangidwira mabizinesi apakati umatsikira kwa osauka popanda wina kusintha lamulo.

Kenako pamabwera funso limene wamalonda aliyense amafunsa: ndikalembetsa ndipezapo chiyani? Kutenga TPIN n'kwaulere, ndipo masiku ano zambiri zimachitika pa Msonkho Online. Kwa munthu wofuna kugulitsa nyemba ku sukulu yogonera, kupereka katundu ku khonsolo kapena ku bungwe, kapena kutsegula akaunti ya bizinesi ku banki, TPIN ndi khomo, ndipo oterewa amapita okha osaitanidwa. Koma wa hokala makasitomala ake ndi anthu a m'mudzi ogula shuga woyeza pa supuni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adzamufunse satifiketi ya msonkho. Ngongole amatenga ku banki m'khonde, kumene chikole chake ndi kudziwana. Kwa iye kulembetsa kumabweretsa udindo wokhawokha: masiku oyenera kukumbukira, chilango akachedwa, ndi mantha akuti akangodziwika adzamufunsa za zaka zonse zam'mbuyo. Amati mlandu suola, ndipo ambiri amaona kuti kuli bwino dzina lisalembedwe n'komwe.

Sitinganyalanyazenso zimene anthu amakumbukira. Msonkho unafika kuno ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890 ngati msonkho wa nyumba, ndipo cholinga china chinali kukakamiza amuna kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze ndalama yolipira. Agogo athu ambiri a kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu anapita ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni, ena pothawa amesenjala a msonkho. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu sankalowa mumsika opanda khadi la chipani, ndipo achinyamata a chipani ankaima pa geti. Kenako mu 2013 kunaphulika nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill. Ndiye wamsika akaona chimbudzi chodzaza, zinyalala zosawoledwa sabata yathunthu, pomwe chiphaso akudula tsiku ndi tsiku, amafunsa kuti za MRA zikapita ku Lilongwe ndiye adzaziona bwanji, ngati za pano pomwe sakuziona. N'chifukwa chake m'misika yambiri m'dziko muno mavenda akakwiya chida chawo choyamba ndi kunyanyala chiphaso mpaka khonsolo ikonze zinthu. Kunyanyala kotere kumasonyeza kuti anthuwa amaona msonkho ngati mgwirizano wa mbali ziwiri, ndipo amabwerera kudzalipira zimbudzi zikapopedwa.

Tsopano tifike pamene ndalama zenizeni zili. Mchinji ndi dera la soya, mtedza ndi chimanga. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti m'mbali mwa msewu wa M12 ndi m'misika ya m'midzi mumadzaza masikelo. Mnyamata wokhala pa sikelo, ndi ndowa ndi matumba ochepa, amaoneka ngati venda wamba, koma nthawi zambiri ndalama zimene akugulira si zake. Wapatsidwa ndi bwana amene ali ndi masikelo khumi kapena makumi awiri m'midzi yosiyanasiyana, ndipo madzulo kapikapu kamazungulira kutolera. Tiyerekeze kuti bwanayo wadzaza thiraki ya matani 30 a soya pa K800 pa kilo. Imeneyo ndi K24 miliyoni, ulendo umodzi wokha, pafupifupi kawiri malire apamwamba a msonkho wongoyerekeza a chaka chathunthu. Ngati pa nyengo atumiza mathiraki khumi, akuyendetsa bizinesi ya K240 miliyoni, komabe mwina alibe sitolo, alibe chikwangwani, ndipo khonsolo imangomudziwa kudzera mu ziphaso za anyamata ake. Msonkho umene munthu mmodzi ameneyu akanalipira ungapose wa mabenchi onse a msika wa Mkanda. Ukonde wa boma umakokedwa m'madzi osaya mmene muli matemba, milamba ili phee pansi pa dziwe.

Boma lili ndi msampha wa anthu otere, ndipo ndi wanzeru: m'malo mothamangitsa wogulitsa, limagwiritsa ntchito wogula. Kampani yolembetsedwa, monga yoyenga mafuta ophikira kapena yopanga chakudya cha nkhuku ku Lilongwe, ikagula mbewu kwa wamalonda imayenera kudula 3 peresenti pa malipiro n'kuitumiza ku MRA m'dzina la wogulitsayo, pokhapokha ngati iye ali ndi satifiketi yomuchotsa pa kudulidwako. Ndalama yodulidwayi si yotayika. Ndi chikole cha msonkho wake wa chaka. Akapereka lipoti la pachaka, imachotsedwa pa zimene akuyenera kulipira, ndipo ngati yapitirira amayenera kubwezeredwa.

Onani mmene zimakhalira kwa bwana wa soya uja. Wagulitsa matani 30 pa K900, walandira K27 miliyoni. Kusiyana ndi mtengo wogulira ndi K3 miliyoni. Achotse thiraki, matumba, onyamula, malipiro a anyamata a sikelo ndi makilo otayika pouma ndi popeta, tinene K1,500,000. Phindu ndi K1,500,000. Koma 3 peresenti imadulidwa pa K27 miliyoni yonse, ndiyo K810,000, kuposa theka la phindu. Wamalonda wolongosoka, wokhala ndi TPIN ndi mabuku, amapirira chifukwa adzaiwerengera kumapeto kwa chaka, kapena amayesetsa kupeza satifiketi ija. Wopanda TPIN kwa iye ndalamayo yapita. Apa njira zimagawikana. Ena amaona kuti kuli bwino alembetse, ndipo umu ndi mmene msamphawu umakokera anthu m'kaundula. Ena amafuna wogula wa kashi amene safunsa dzina: mkhalapakati wa ku Lilongwe wokhala ndi mapepala, kapena wogula wa kutsidya kwa malire. Malire a Mchinji ndi Zambia ndi aatali, midzi ndi ya pachibale, chilankhulo n'chimodzi, ndipo njira za njinga ndi ngolo n'zosawerengeka. Ndalama zakunja zikamasowa m'mabanki, mtengo wake pa msika wamseri n'kukhala wokwera kwambiri, kugulitsa kunja mozemba kumakoma kawiri. Pamenepo boma lataya msonkho komanso ndalama zakunja, ndipo palibe mayi wa tomato amene wakhudzidwapo.

Pa chipata chenicheni boma linayesa njira ina, yofewetsa. Mu 2010 Malawi ndi Zambia anayamba pa Mchinji ndi Mwami ndondomeko ya amalonda ang'ono odutsa malire ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Wamalonda amene katundu wake ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, wopangidwa kapena wolimidwa m'mayikowa, ndipo mtengo wake sukupitirira malire oikidwa, amadzaza fomu yaifupi, safuna ejenti wolipidwa, ndipo salipira msonkho wolowetsera katundu. Malirewo anayambira pa madola 500, kenako anakwezedwa kangapo. Pa chipata pamakhala desiki ya munthu wothandiza amalonda kudzaza mafomu. Mu Disembala 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chatsopano choti munthu aziima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri.

Komabe amayi ambiri opita ku Chipata amadutsabe njira zachidule, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndondomekoyi imachotsa msonkho umodzi wokha. VAT imalipidwabe pa katundu amene ali nayo, ndipo zinthu zina monga zakumwa zimakhala ndi msonkho wapadera pamwamba. Katundu wambiri amene amayenda malonda, monga zovala, nsapato ndi ziwiya zochokera ku China, sali pa mndandanda chifukwa sanapangidwe ku Zambia. Mbewu ndi zakudya zina zimafuna zilolezo zimene mayi wa makatoni asanu sangakazitenge ku Lilongwe. Mu 2021 kunabweranso msonkho wa pa phindu wolipiriratu pa katundu wolowa, woyambira pa 3 peresenti, wofanana ndi wa pa soya uja: wolembetsedwa adzauwerengera, wosalembetsedwa wataya. Mayi amaika zonsezi mbali imodzi, mbali inayo amaika ndalama ya mnyamata wa njinga wodziwa njira. Akasankha njinga amadziika pa ngozi ya kulandidwa katundu, kupemphedwa ziphuphu, ngakhale kuchitidwa nkhanza, ndipo ambiri amadziwa zimenezi. Koma mpamba wake ndi wochepa moti kusiyana kwa ndalama zochepa kumatanthauza kupitiriza geni kapena kuisiya.

Njira ina ndi ya makina. Mu 2014 MRA inayamba kukakamiza olembetsedwa VAT kugwiritsa ntchito makina a EFD, amene lisiti lililonse likatuluka uthenga umapita ku MRA. Makinawa si a wa hokala. Ndi a ma holoselo ndi masitolo akuluakulu kumene iye amakapikula. Pamenepa pali mgwirizano wachinsinsi umene aliyense wopikula amaudziwa. Wa hokala sanalembetse VAT, choncho VAT imene walipira popikula sangaibweze. Kwa iye ndi mtengo chabe. Wa holoselo wosakhulupirika akamuuza kuti pali mtengo wa lisiti ndi mtengo wopanda lisiti, asankha wotsika. Onse awiri apindula, ndipo katunduyo wasowa m'mabuku kuyambira pamenepo. MRA inayesapo mipikisano ya Lisiti Langa kuti ogula azifunsa lisiti, koma mphoto ya mwayi siingapose kuchotseredwa kwa pompopompo. Apanso mutha kuona kuti dzenje lalikulu lili kwa wa holoselo wolembetsedwa kale, amene dzina lake MRA ikulidziwa.

M'zaka zaposachedwa MRA yatengeranso njira imene Tanzania inayamba, yogawa malo a malonda m'zigawo zing'onozing'ono n'kupatsa gulu la ogwira ntchito chigawo chawo kuti ayende khomo ndi khomo, kulemba amene alipo, kuwaphunzitsa ndi kuwalembetsa. Ubwino wake ndi wakuti wamsonkho amadziwa dera lake ndipo amatha kusiyanitsa hokala yeniyeni ndi holoselo yobisala. Kuipa kwake n'kwakuti n'kosavuta kuyeza ntchitoyi ndi chiwerengero cha olembetsedwa atsopano. Zikatero ogwira ntchito amalemba aliyense wopezeka pa benchi, kaundula amatupa ndi maina a anthu amene lamulo likuti alipire ziro kapena amene sadzaperekanso lipoti, ndipo bwana wa masikelo, amene alibe khomo loti agogodepo, sapezeka. Chizindikiro chakuti ntchito yotere yalephera n'chimenechi: olembetsedwa achuluka kwambiri koma ndalama zotoleredwa sizinasunthe.

Mayiko ena ayesa zawo. Zambia ili ndi msonkho wa ndalama imodzi kwa amalonda a m'misika, umene mu bajeti ya 2018 unakwezedwa kuchoka pa 150 kufika pa 365 kwacha ya kumeneko pa chaka, ngati kwacha imodzi patsiku. Vuto lake ndi lomwe lija, kutolera tindalama tochepa kwa anthu ochuluka kumadya ndalama zambiri. Ghana kuyambira 1987 inkagwiritsa ntchito mabungwe a eni ntchito, makamaka la oyendetsa minibasi, kuti azitolera msonkho kwa mamembala awo. Poyamba zinayenda, chifukwa tcheyamani amadziwa amene wagwira ntchito lero, koma m'kupita kwa nthawi ndalama zambiri zinkathera m'mabungwemo, ndipo boma linasiya njirayi. Aliyense wodziwa mphamvu za makomiti a m'misika yathu angaone kuti kuno zingathe kuyenda chimodzimodzi. Njira imene ikukopa maboma ambiri tsopano ndi kudula msonkho pa ndalama zotumizidwa pa foni, poti wosalembetsedwa naye amagwiritsa ntchito foni. Ghana inayamba kudula 1.5 peresenti mu 2022, anthu ambiri anabwerera ku kashi, ndalama zinatoleredwa zochepa kuposa zimene ankayembekeza, ndipo mu 2025 msonkhowo unathetsedwa. Kuno kwathu ganizo la 1 peresenti linabwera mu bajeti ya 2019 ndipo linabwezedwa anthu atadandaula. Msonkho wa pa foni ukakhala wokwera umagwira mayi wotumizira mwana wake ndalama ya sukulu, pomwe wa mathiraki amanyamula kashi m'chikwama. Komanso umathamangitsa anthu pa njira yokhayo imene imasiya mapazi a malonda.

Kwa ine, zochita zimene zingasinthe zinthu ku Mchinji zili poyera. Malire a msonkho wongoyerekeza azikwezedwa mitengo ikakwera, ndipo wogulitsa katundu wa phindu lochepa asamaikidwe mulingo umodzi ndi wogulitsa luso. Wofuna kulowa m'kaundula koyamba auzidwe momveka, m'Chichewa, kuti za m'mbuyo zitha bwanji, chifukwa mantha amenewo akutsekereza anthu ambiri amene akanalipira. Ndalama zodulidwa mopitirira zizibwezedwa msanga. Wamalonda wa soya akadziwa kuti K810,000 yake ibwera m'miyezi yochepa, wogula wa kashi sadzamukopanso kwambiri. Ndipo mphamvu za MRA zipite kumene kuli zolembedwa kale. Wogula mbewu amayenera kukhala ndi chilolezo cha unduna wa zamalimidwe, wotumiza kunja amafuna chilolezo cha unduna wa zamalonda pa mbewu zambiri, thiraki ili ndi mwini wake m'kaundula wa magalimoto, nyumba yosungiramo matumba ili ndi laisensi ya khonsolo. Kuphatikiza mabuku amenewa ndi kaundula wa TPIN kungatulutse maina ochepa okhala ndi ndalama zambiri. Chimene chimavuta si luso ayi. Ena mwa mainawo ndi a anthu odziwika, okhala ndi abale m'zipani, ndipo kugogoda pa geti lawo kumafuna kulimba mtima kuposa kuima pa benchi la mayi wa masamba.

Khonsolo nayo ili ndi mbali yake, ndipo ndi imene ili pafupi ndi anthu. Chiphaso chikamadulidwa pa kapepala, wotolera wosakhulupirika amatha kulandira theka la ndalama osapereka tikiti, kapena kugulitsa tikiti imodzi kawiri, moti zofika ku ofesi zimachepa kuposa zimene msika wapereka. Makhonsolo ena ayamba kuyesa matikiti a pa makina ndi kulipira pa foni kuti atseke mpata umenewu. Chinthu chotsika mtengo kuposa zonsezi ndi bolodi pa geti la msika, lolembedwa mwezi ndi mwezi kuti mwezi watha msika uno unatolera zakuti, zakuti zapita ku alonda ndi osesa, zakuti zabwerera kudzakonza shedi ya nsomba. Komiti ya msika imadziwa mabenchi alipo angati, choncho ikhoza kuchulukitsa yokha ndi mtengo wa chiphaso n'kuona ngati nambala ya pa bolodi ikugwirizana ndi anthu amene amadula tsiku lililonse.